Mwana wasiya thewera masana koma akukodzabe pogona: chimene chikuchitika m'thupi mwake ndi zoyenera kuchita

Mwana wa zaka zitatu amene masana amathamangira yekha kuchimbudzi, kapena amabwera kudzakoka chitenje cha mayi ake n'kunena kuti akufuna kukodza, angathe kudzuka m'mawa uliwonse zovala ndi zofunda zili chonyowa. Makolo ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mwanayo ndi waulesi kapena akuchitira dala, popeza masana amasonyeza kuti zonse akuzidziwa. Kulingalira kotereku n'komveka, koma n'kolakwika, ndipo ndiko kumachititsa kuti ana ambiri akalipidwe kapena kumenyedwa pa chinthu chimene alibe nacho mphamvu. Kudzisunga masana ndi luso limene mwana amaphunzira ali maso, pamene kugona usiku wonse osakodza kumadalira kukhwima kwa thupi, ndipo kukhwima sikuphunzitsidwa monga momwe simungaphunzitsire mwana kumera mano. Ntchito ya kholo ndi kuzindikira nthawi imene thupi lakonzeka, kuchotsa zimene zikulilepheretsa, ndiponso kuyesa m'njira imene siimupweteka mwana ngati nthawi isanakwane.

Chifukwa chake usiku umatsalira

Masana mwana amamva kuti chikhodzodzo chadzaza, amaumitsa minofu ya kunsi, n'kuyenda kupita koyenera, ndipo pa zonsezi amagwiritsa ntchito maganizo ake. Ana ambiri amafika pamenepa ali ndi zaka zapakati pa ziwiri ndi zitatu. Usiku maganizo amenewa amakhala atagona, choncho thupi liyenera kudzichitira lokha zinthu zitatu, ndipo chimodzi chokha chikatsalira, zofunda zimanyowa.

Choyamba ndi kuchepetsa mkodzo umene impso zimapanga. Impso sizipuma usiku, koma kwa munthu wamkulu ubongo umatulutsa homoni yotchedwa vasopuresini yochuluka pa nthawi ya tulo, ndipo homoni imeneyi imachititsa impso kubwezera madzi ambiri m'magazi m'malo mowatumiza kuchikhodzodzo. N'chifukwa chake mkodzo woyamba wa m'mawa umakhala wochepa poyerekeza ndi maola amene apita, wachikasu kwambiri ndiponso wa fungo lamphamvu. Kwa khanda kusiyana kumeneku kwa usana ndi usiku kumakhala kusanakhazikike, ndipo kumabwera pang'onopang'ono pa msinkhu wosiyanasiyana. Mwana amene thewera lake la m'mawa limakhala lolemera ndi mkodzo woyera ngati madzi akusonyeza kuti impso zake zikugwirabe ntchito usiku ngati masana.

Chachiwiri ndi kukula kwa chikhodzodzo. Madokotala a ana amagwiritsa ntchito kawerengedwe kosavuta aka poyerekeza kuchuluka kwa mkodzo umene chikhodzodzo cha mwana chingasunge, m'mamililita: (zaka + 1) × 30. Mwana wa zaka zitatu amasunga pafupifupi mamililita 120, wa zaka zinayi 150, ndipo wa zaka zisanu 180. Kuti muone kuchepa kwake, tengani botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 300, muthiremo madzi osafika theka, ndipo mudzaona malo onse amene mwana wa zaka zitatu ali nawo osungiramo mkodzo wa usiku wonse.

Tiyerekeze mwana wa zaka zitatu ndi theka wolemera makilogalamu 15, amene amagona 7 koloko madzulo n'kudzuka 6 koloko m'mawa. Chikhodzodzo chake chimasunga pafupifupi mamililita 135. Ngati impso zake zikupanga mililita imodzi pa kilogalamu iliyonse pa ola lililonse, umene ndi mlingo wamba kwa mwana wathanzi, ndiye kuti pa maola 11 apanga mamililita 165. Chikhodzodzo chidzadzaza pakatha maola asanu ndi anayi, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndipo ngati wamwa kapu ya thobwa asanagone chidzadzaza pakati pa usiku. Mwana yemweyo, homoni ija ikayamba kugwira bwino ntchito n'kuchepetsa mkodzo wa usiku kufika pa mamililita 100, adzadzuka ali wouma popanda wina kumuphunzitsa kanthu.

Chachitatu, chimene chimavuta kwambiri kuchimvetsa, ndi kudzuka. Chikhodzodzo chikadzaza chimatumiza uthenga kuubongo, ndipo ubongo wokhwima umachita chimodzi mwa ziwiri: umaletsa chikhodzodzo kufinya mpaka m'mawa, kapena umamudzutsa munthuyo. Kwa ana ambiri aang'ono uthengawo umafika koma sukwanitsa kuwadzutsa, moti chikhodzodzo chimangotulutsa chokha monga chinkachitira ali khanda. Amayi amene anayesapo kudzutsa mwana wotere amadziwa mmene zimakhalira: mumamuimitsa, miyendo ili lendelende, maso ali chitsinzinire, amakodza mutamugwirira, ndipo m'mawa mukamufunsa sakumbukira kalikonse. Mwana amene sakumbukira kuti munamunyamula sangakhale kuti anasankha kukodza pamphasa.

Zinthu zitatuzi sizikhwima tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake ana amasiyana kwambiri. Ena amauma usiku masabata ochepa atasiya thewera la masana, ambiri amauma ali ndi zaka zapakati pa zitatu ndi zisanu, ndipo pa ana 100 alionse a zaka zisanu, pafupifupi 15 amakhala akukodzabe pogona. Anyamata amachedwa kawirikawiri kuposa atsikana. Nkhaniyi imayendanso m'magazi, pakuti mwana amene kholo lake limodzi linachedwa kuuma amakhala ndi mwayi waukulu wochedwa, ndipo ngati makolo onse awiri anachedwa, pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse amachedwanso. Ndi bwino kufunsa agogo a mbali zonse ziwiri mwaulemu, chifukwa nthawi zambiri bambo amene akukalipa kwambiri ndi amene agogo amanena kuti ankayanikiridwa mphasa mpaka atayamba sukulu. Achipatala sautenga kukodza pogona ngati vuto lofunika mankhwala mwana asanakwanitse zaka zisanu.

Yambani ndi kuona, osasintha kanthu

Musanachotse thewera la usiku, khalani masabata awiri mukungoyang'ana. M'mawa uliwonse, mwana akangotsegula maso, gwirani thewera kapena nsalu imene wagonera, ndipo lembani chizindikiro pakalendala kapena kumapeto kwa kope: louma, lonyowa pang'ono, kapena lonyowa kwambiri. Kufulumira n'kofunika, chifukwa ana ambiri amagona usiku wonse ali ouma kenako n'kukodzera m'thewera atadzuka kale, akuona kuti thewera lilipo ndipo kunja kukuzizira. Thewera lofunda limasonyeza kuti mkodzo wangotuluka kumene, pamene lozizira limasonyeza kuti unatuluka usiku. Mwana wa thewera lofunda ali pafupi kwambiri kuposa mmene mukuganizira, ndipo chimene akufunika ndi kumutengera kokodza akangodzuka.

Ngati mwa masiku 14 amenewa thewera lauma masiku ambiri, makamaka masiku asanu ndi awiri otsatizana, thupi lakonzeka kuyesa. Zizindikiro zina zothandiza ndi zakuti mwana amagona tulo ta masana osakodza, amatha maola awiri kapena kuposerapo masana asanafune kukodza, ndipo nthawi zina amadzuka usiku akulira kapena akuitana chifukwa chikhodzodzo chadzaza. Kudzuka koteroko kumatopetsa makolo, koma ndi nkhani yabwino, popeza kukusonyeza kuti uthenga wayamba kufika. Ngati thewera likunyowa kwambiri usiku uliwonse, musayese panopa. Pitirizani ndi thewera, konzani zimene zafotokozedwa m'munsimu, ndipo mudzaonenso pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Pali makolo amene amaopa kuti thewera la usiku limachedwetsa mwana. Kwa mwana amene impso ndi ubongo wake zisanakonzeke, kuchotsa thewera sikufulumizitsa kanthu, kumangowonjezera zochapa ndi mkwiyo m'nyumba. Komano matewera ogula m'sitolo amayamwa mkodzo kwambiri moti mwana amene wakonzeka samva n'komwe kuti wanyowa, ndipo pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuyesa kuwachotsa zizindikiro zikaoneka, kapena kuyesa kamodzi pa miyezi ingapo mwana akadutsa zaka zinayi ngakhale zizindikiro zisanaoneke bwino.

Konzani masana kuti usiku upepuke

Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kumana mwana madzi tsiku lonse poganiza kuti akamwa pang'ono akodzanso pang'ono. Zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi zimene mumafuna. Chikhodzodzo chimene sichidzaza bwino masana sichizolowera kusunga mkodzo wambiri, mkodzo wokhuthala umachinyerenyetsa n'kuchichititsa kufinya msanga, ndipo mwana amene wakhala ndi ludzu tsiku lonse amamwa madzi ambiri pa chakudya chamadzulo, nthawi yoipitsitsa. Chofunika ndi kusuntha nthawi yomwera. Mwana amwe makapu ang'onoang'ono asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ambiri mwa iwo m'mawa ndi masana, ndipo chakumwa chomaliza chikhale pafupifupi ola limodzi asanagone. Akapempha madzi pogona, mupatseni pang'ono ongonyowetsa kukhosi, pakuti kumana mwana waludzu madzi ndi nkhanza, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Tiyi ali ndi kafini, amene amachulukitsa mkodzo ndiponso amautsa chikhodzodzo, ndipo zakumwa zakuda za m'mabotolo zili nayenso. M'nyumba zambiri mwana amapatsidwa tiyi madzulo limodzi ndi akulu, kapena amagonekedwa ndi kapu ya thobwa kapena phala lamadzimadzi. Zonsezi zisunthireni m'mawa kapena masana. Chakudya chamadzulo cha mchere wambiri nacho chimabweretsa ludzu ndiponso chimachulukitsa mkodzo wa usiku.

Pali chinthu china chimene makolo sachilumikiza n'komwe ndi kukodza pogona, ndicho kudzimbidwa. Mbali yomaliza ya matumbo ili kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo ikadzaza ndi chimbudzi cholimba imachikanikiza, n'kuchepetsa malo aang'ono aja ndi kuchichititsa kufinya chisanadzaze. Mwana angakhale wodzimbidwa ngakhale akuchita chimbudzi kawirikawiri, ngati chikutuluka chochepa, cholimba ngati cha mbuzi, kapena chachikulu moti amalira pochita. Zizindikiro zina ndi kudutsa masiku angapo osachita chimbudzi, kubisala kuseri kwa chitseko ataumitsa miyendo, ndi timizere ta chimbudzi m'kabudula wamkati. Ana amene amaopa dzenje la chimbudzi chokumba amasunga chimbudzi dala, ndipo vuto limayambira pamenepo. Mwana wotere mupatseni kapoti kake, mumukhazikepo mphindi zisanu akatha kudya, mapazi atafika pansi, ndipo muonjezere madzi, masamba, nyemba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera wokhawokha. Ngati pakatha masabata awiri palibe kusintha, pitani naye kuchipatala, chifukwa kudzimbidwa kokhalitsa kumafuna mankhwala ofewetsa chimbudzi kwa nthawi yaitali ndithu. Ndaonapo ana amene anauma usiku pambuyo pongothetsa kudzimbidwa, popanda china chilichonse kusinthidwa.

Masana muzimukumbutsanso kukodza pafupifupi maola awiri kapena atatu alionse, osadikira mpaka ayambe kuvinavina atagwira kutsogolo. Musamuuze kuti aziimitsa mkodzo pakatikati kapena kuusunga mpaka kupweteka n'cholinga chokulitsa chikhodzodzo, popeza zimenezi zingamuzolowetse kusamaliza kukodza.

Konzani pogona ndi njira ya usiku

Sankhani nthawi yoyesera imene m'nyumba muli bata. Musayambe pamene mng'ono wake wangobadwa kumene, pamene mwasamuka, pamene muli maliro kapena pamene mwanayo akudwala. Nyengo nayo iganizireni. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi thupi limapanga mkodzo wambiri ndipo mwana safuna kutuluka m'bulangete, pamene m'nyengo ya mvula zofunda siziuma msanga. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino, chifukwa chimene mwachapa m'mawa chimakhala chitauma dzuwa lisanafike paliwombo.

Pogona yalani mosanjikiza. Pamwamba pa matiresi kapena mphasa ikani pulasitiki yokhuthala, pamwamba pake nsalu kapena chitenje chakale, kenako pulasitiki ina ndi nsalu ina. Mwana akakodza pakati pa usiku mumangochotsa zapamwamba ziwirizo, n'kumusintha zovala, ndipo pakatha mphindi zitatu aliyense wagonanso. Pulasitiki ikhale yokutidwa ndi nsalu kotheratu ndiponso yopindiridwa pansi mwamphamvu, kuyambira pachifuwa kutsika, ndipo musagwiritse ntchito majumbo opyapyala amene angathe kumata pankhope ya mwana. Ngati mwanayo amagona ndi abale ake, muyalireni mbali yake yokha, kuti asadzuke ku madandaulo a anzake. Zovala zosinthira zikhale pafupi ndi mutu wanu, ndipo zovala zogonera zikhale zosavuta kutsitsa.

Kenako yendani njira imene mwana adzayende, mukuiona monga iye angaionere. M'nyumba zambiri chimbudzi chili panja, kuseri kwa nyumba, ndipo palibe mwana wa zaka zitatu amene angatsegule chitseko usiku n'kupita kumeneko yekha, ndipo sayenera kutero. Ikani kapoti pafupi ndi pogona pake, pamalo amodzi nthawi zonse. Musagwiritse ntchito chidebe chachitali chokhala ndi madzi, chifukwa mwana wamng'ono akagweramo chamutu sangathe kudzitulutsa, ndipo madzi ochepa ndi okwanira kumumiza. Kuwala kuchokere ku tochi kapena nyale ya sola, osati koloboyi kapena kandulo pafupi ndi neti. Neti yoteteza ku udzudzu nayo ndi chopinga chimene akulu sachiona, popeza mwana wa tulo sadziwa potulukira. Musaichotse, chifukwa malungo ndi oopsa kuposa zofunda zonyowa, koma masana yesererani naye kangapo kukweza mbali imodzi, kutsika, kukhala pakapoti ndi kubwerera, ndipo muuzeni momveka kuti akhoza kukudzutsani nthawi iliyonse osakalipidwa.

Kuyesa kwenikweni

Muuzeni mwana mwachidule chimene chikuchitika, mwachitsanzo kuti: "Lero tigona opanda thewera. Ukamva mkodzo undidzutse. Ukanyowa palibe mlandu, tisintha n'kugonanso." Akodze kawiri asanagone, koyamba pamene mukumusambitsa kapena kumusintha zovala, kachiwiri pamene akulowa m'zofunda, chifukwa ana amathamangira kumaliza ndipo koyamba amasiya mkodzo wina m'chikhodzodzo. M'mawa chinthu choyamba chikhale kapoti, musanamupatse moni wautali kapena chakudya.

Akanyowa, musambitseni ndi madzi ndi sopo musanamuveke zina, kuti khungu lisachite zilonda ndiponso kuti asamanunkhe pakati pa anzake. Lankhulani mawu ochepa ndi nkhope yosakwiya. Muyamikireni pa zimene angathe kuzilamulira, monga kukodza asanagone, kukudzutsani kapena kuthandiza kunyamula nsalu, koma musamulonjeze siwiti kapena mphatso pa kudzuka ali wouma, popeza mphatso yotere imamupatsa mlandu pa usiku umene walephera, chonsecho anali mtulo. Zofunda ziyanikeni mosaonetsera, ndipo nkhaniyi isakambidwe pamaso pa alendo kapena ana a oyandikana nawo.

Tibwerere kwa mwana uja wa zaka zitatu ndi theka. Tinene kuti pa masiku 14 oyang'ana, thewera linauma masiku asanu ndi anayi, ndipo mwa masiku asanu onyowa, awiri thewera linali lofunda. Amayi ake anasuntha tiyi wamadzulo, anaika kapoti pafupi ndi bedi, n'kuchotsa thewera. Sabata yoyamba ananyowa katatu, ndipo kawiri mwa katatuko kanali m'bandakucha, pa malo ochepa okha, iye n'kudzuka akulira. Sabata yachiwiri ananyowa kamodzi, tsiku limene anachokera kuphwando atamwa zakumwa zambiri n'kugona asanakodze. Mwana ameneyu akuyenda bwino ndipo palibe chifukwa chobwezera thewera. Kuchepa kwa malo onyowa, kusunthira kwa nthawi kufupi ndi m'mawa, ndi kudzuka pamene mkodzo wayamba kutuluka, zonsezi zikusonyeza kuti ubongo wayamba kumva, ngakhale kuti usiku wouma sunakhale wa tsiku lililonse.

Mwana wina wa msinkhu womwewo angathe kunyowa usiku uliwonse kwa masabata awiri, kawiri pa usiku umodzi, koyamba pasanathe maola atatu atagona, ndipo osadzuka ngakhale zofunda zitanyoweratu. Ameneyu sanakonzeke. Mubwezereni thewera mosachita manyazi, mumuuze kuti thupi lake likukulabe ndipo mudzayesanso, kenako dikirani miyezi iwiri kapena itatu. Kubwerera kumeneku sikuwononga zimene anaphunzira masana.

Za kudzutsa mwana pakati pa usiku, zimene makolo ambiri amachita akamapita kukagona cha m'ma 10 koloko, ndinene mosabisa kuti zimateteza zofunda koma siziphunzitsa kanthu. Mwana amene wanyamulidwa ali mtulo n'kukodzetsedwa akuchita chimodzimodzi chimene mukufuna asiye, ndicho kukodza ali chigonere. Ngati sopo ndi madzi zikuvuta moti kuchepetsa zochapa n'kofunika, mungathe kutero kwa kanthawi, koma mudzutseni mokwanira kuti ayende yekha ndi kudziwa chimene akuchita, ndipo musachite kangapo usiku umodzi. Pakapita masabata angapo siyani kuti muone ngati angathe yekha, apo ayi simudzadziwa kuti amene akuuma ndi mwana kapena ndi wotchi yanu.

Ena amati mwana amakodza pogona chifukwa chosewera ndi moto madzulo, ndipo ena amamuopseza, kumuseka kapena kumunyamulitsa mphasa yonyowa anthu akuona. Kuletsa mwana kusewera ndi moto n'kwanzeru pa zifukwa zina, koma moto sukhudza impso. Mantha ndi manyazi nazo sizidzutsa ubongo umene uli mtulo, ndipo chimene zimabweretsa ndi mwana amene amabisa zovala zonyowa kuseri kwa bedi, amaopa kugona, kapena amayamba kudzikodzera ngakhale masana. Mankhwala a zitsamba omwetsa mwana wamng'ono nawo apeweni, chifukwa mlingo wake sudziwika ndipo impso za mwana sizichedwa kuvulala.

Pamene kudikira sikuli koyenera

Kuchedwa kuuma kwa mwana wathanzi amene sanaumepo chibadwire n'kosiyana ndi kuyambiranso kukodza pogona kwa mwana amene anauma kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Wachiwiriyu ali ndi chifukwa chimene chiyenera kufufuzidwa, kaya ndi matenda kapena china chimene chamusokoneza maganizo, monga kubadwa kwa mng'ono wake, kusamuka, mikangano ya m'nyumba kapena kuchitiridwa nkhanza. Mufunseni modekha ndipo pitani naye kuchipatala.

Mwana amene wayamba mwadzidzidzi kumwa madzi ochuluka modabwitsa, kukodza kwambiri usana ndi usiku, kuwonda ndi kufooka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa umu ndi mmene matenda a shuga amayambira mwa ana, ndipo amakula msanga m'masiku ochepa. Kuyeza kwake ndi kobaya pachala, kwa mphindi zochepa. Kulira pokodza, kukodza pafupipafupi pang'onopang'ono, mkodzo wa fungo loipa kapena kutentha thupi kungasonyeze matenda a m'njira ya mkodzo, amene amafuna kuyeza mkodzo ndi kulandira mankhwala. Magazi otuluka kumapeto kwa mkodzo, kwa mwana amene amasamba kapena kusewera m'nyanja, m'madambo kapena m'ngalande za mthirira, amasonyeza likodzo, limene limatupitsa chikhodzodzo ndipo limagwiranso ana aang'ono amene amapita kumadzi ndi amayi awo. Ana odwala matenda a magazi otchedwa sikoselo amachedwa kuuma kawirikawiri chifukwa impso zawo sizitha kukhuthalitsa mkodzo, ndipo ana amenewa asamanidwe madzi ngakhale pang'ono, popeza kuchepa kwa madzi m'thupi kumayambitsa ululu wa matendawa. Nenaninso kwa achipatala ngati mwana amaliza nkonono usiku uliwonse n'kumakhala ngati akubanika, ngati amakanda kumatako usiku chifukwa cha tinjoka, ngati kabudula wake amakhala wonyowa nthawi zonse ndi mkodzo wongodontha, kapena ngati mkodzo umatuluka mofooka iye akuchita kukankha.

Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, koma mwana wakwanitsa zaka zisanu akunyowabe kawirikawiri, nthawi yofunsa thandizo yakwana. Tengani kope lija, ndipo masiku awiri musanapite yezani mkodzo wa masana ndi botolo lokhala ndi mizere ya mamililita, mulembe nthawi ndi kuchuluka kwake, zimene wamwa ndi masiku amene wachita chimbudzi, chifukwa zolembazi zimathandiza dokotala kudziwa ngati vuto lili pa kuchuluka kwa mkodzo, kuchepa kwa chikhodzodzo kapena kudzuka. Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kachipangizo kolira kamene kamamangiriridwa kukabudula wamkati n'kulira dontho loyamba likangotuluka, ndipo kamafuna miyezi iwiri kapena itatu ya kholo lodzuka limodzi ndi mwana, choncho kamayenera mwana wokulirapo amene nayenso akufuna kusiya. Yachiwiri ndi mankhwala a desimopuresini, amene amagwira ntchito ya homoni ija pochepetsa mkodzo wa usiku. Mankhwalawa amaperekedwa ndi dokotala yekha, ndipo mwana amene akuwamwa sayenera kumwa madzi ambiri kuyambira ola limodzi asanawalandire mpaka maola asanu ndi atatu pambuyo pake, chifukwa madzi osungidwa m'thupi angachepetse mchere wa m'magazi moopsa. Njira zonse ziwirizi si za mwana wa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mankhwala a mwana wa mnzanu musawabwereke.